Kufanizira milandu: momwe chigamulo cha nkhono m'botolo chinafikira pa kabudula wam'kati

Amene anakhalapo pabwalo la amfumu anamvapo nduna ikufunsa kuti, “Kodi mlandu wonga uwu tinauweruza bwanji chaka chija?” Kukhothi funsoli limafunsidwanso, koma kumeneko lili ndi ndondomeko yake. M'maiko amene anatengera malamulo a ku England, monga Malawi ndi Zambia, jaji akakumana ndi mlandu umene lamulo lolembedwa silinautchule mwachindunji, amayang'ana chigamulo chakale n'kuona ngati mlandu watsopanowo ukufanana nacho mokwanira kuti ugamulidwe chimodzimodzi. Vuto lagona pa mawu akuti “kufanana”, chifukwa milandu iwiri iliyonse imafanana pena n'kusiyana pena. Luso lonse ndi lodziwa kufanana kumene kuli ndi ntchito, ndipo chimene chimakuuzani zimenezi ndi chifukwa chimene khothi loyamba linagamulira momwe linagamulira. Tiyeni titsate ntchitoyi pogwiritsa ntchito milandu iwiri yeniyeni.

Choyamba: werengani mlandu wakalewo ndi zonse zimene zinachitika

Musayambe ndi chidule cha m'buku. Yambani ndi nkhani yeniyeniyo.

Mu Ogasiti 1928, mayi wina dzina lake May Donoghue anapita ndi mnzake kumalo ena omwera zakumwa m'tauni ya Paisley ku Scotland. Mnzakeyo ndiye anagula, ndipo anamugulira ayisikilimu ndi botolo la chakumwa cha jinja. Botololo linali lakuda, losaonekera m'kati, ndiponso lotsekedwa kuchokera kufakitale ya David Stevenson. Mayi Donoghue anamwa gawo loyamba. Mnzake uja atathira chotsalacho m'tambula, munatuluka nkhono yowola. Mayiwo ananena kuti anadwala m'mimba ndiponso anasokonezeka maganizo, ndipo anasumira Stevenson kuti awapatse mapaundi 500.

Chovuta chinali chakuti mayiwo sanagule kanthu kwa wina aliyense. Panalibe mgwirizano wamalonda pakati pa iwo ndi mwini malowo, ngakhale pakati pa iwo ndi fakitale. Masiku amenewo ambiri ankakhulupirira kuti popanda mgwirizano wotere, wopanga katundu alibe mlandu kwa iwe, pokhapokha katunduyo akhale woopsa mwachibadwa kapena wopangayo akhale kuti ankadziwa za vutolo n'kulibisa. Mu 1929 khothi la ku Scotland linali litakana kale mlandu wa Mullen v Barr, wa mbewa zimene zinapezeka m'mabotolo a chakumwa chonga chomwechi.

Pa 26 Meyi 1932, khothi lalikulu la ku Britain panthawiyo, House of Lords, linagamula mokomera mayi Donoghue, majaji atatu kutsutsana ndi awiri. Dziwani kuti khothilo silinagamule kuti nkhonoyo inalimodi. Funso linali lakuti, tikatenga zonse zimene mayiwo akunena ngati zoona, kodi lamulo likuwapatsa poyambira? Mlanduwo sunafike pomvedwa umboni, chifukwa Stevenson anamwalira chaka chomwecho ndipo nkhaniyo inathera pokambirana kunja kwa khothi.

Mukamawerenga, lembani zonse papepala: ndani anagula, botolo linali lotani, ndani analitsegula, wovulala anavulala motani. Panopa simunadziwe kuti chofunika ndi chiti, choncho musataye kanthu.

Chachiwiri: funsani chimene chinatsitsa dzaye

Akuluakulu amati umanena chatsitsa dzaye kuti njovu ithyoke mnyanga. Apa ndi pamene pali ntchito yaikulu, ndipo ndi pamene ambiri amathamangira. Mukufuna mfundo imene chigamulo chinatsamirapo, imene ophunzira zamalamulo amaitchula mwachidule kuti reshiyo. Mawu ena onse amene jaji ananena mongodutsa, aja amati obita, angathandize kukopa khothi lina koma salimanga.

Njira yosavuta yoipezera ndi kuchotsa chinthu chimodzi m'nkhaniyo n'kudzifunsa ngati chigamulo chikanasintha. Nkhono ikanakhala mphemvu, kodi zikanasintha? Ayi. Zikanachitikira ku Glasgow osati ku Paisley? Ayi. Nanga chakumwacho chikanabwera mumgolo, mwini malo n'kumachithira yekha m'mabotolo ake otsukatsuka? Apa mukuima kaye, chifukwa tsopano nkhono ija ikanatha kulowa m'manja mwa munthu wina, osati kufakitale. Nanga mayiwo akanaiona nkhonoyo n'kumwabe? Apanso zikusintha. Zinthu zimene zikachotsedwa chigamulo chimagwedezeka, zimenezo ndiye mizati ya mlandu.

Lord Atkin, amene anatsogolera majaji atatu aja, anaika mfundo yake pamizati yooneka bwino. Wopanga katundu amamutulutsa m'njira yosonyeza kuti akufuna akafike kwa womugwiritsa ntchito ali momwe anachokera kufakitale. Panjira palibe mpata weniweni woti wina amuunike. Wopangayo akudziwa kuti akapanda kusamala pokonza katunduyo, wogwiritsa ntchito avulala kapena katundu wake awonongeka. Zikatero, wopangayo ali ndi udindo wosamala kwa munthu ameneyo, kaya pali mgwirizano wamalonda kapena ayi.

Pali msampha umene muyenera kuuzindikira pano. Mfundo imodzimodziyo mungainene mopanikiza kapena motambasula. Mopanikiza kwambiri munganene kuti opanga zakumwa m'mabotolo akuda asamale nkhono. Motambasula kwambiri munganene kuti munthu aliyense asamale kuti asavulaze aliyense amene zochita zake zingamukhudze, ndipo m'chigamulo chomwechi Lord Atkin ananenadi zonga zimenezi pamene ankafotokoza kuti mnansi wako pamaso pa lamulo ndani. Mukapanikiza kwambiri, chigamulocho sichithandiza mlandu wina uliwonse. Mukatambasula kwambiri, chimameza milandu imene majajiwo sanaiganizire n'komwe. Loya wa odandaula amakokera kotambasula, loya wa oyankha mlandu amakokera kopanikiza, ndipo khothi lachiwiri ndi limene limanena pamene mfundoyo ikuima. Ine ndimalangiza kuti muilembe katatu, mopanikiza, pakati ndi motambasula, kenako musankhe yopapatiza kwambiri imene ikukwanabe kufikira mlandu wanu. Jaji savutika kuponda phazi limodzi kutsogolo, koma amakayika mukamupempha kuti alumphe mtsinje.

Chachitatu: ikani mlandu watsopano pambali pa wakale

Mu Juni 1931, dokotala wina wa mumzinda wa Adelaide ku Australia, Richard Grant, anagula musitolo ya John Martin & Co makabudula awiri am'kati aubweya wa nkhosa, aatali ofika m'mapazi, opangidwa ndi kampani ya Australian Knitting Mills. Anavala mmodzi osamuchapa, ndipo pofika madzulo a tsiku lomwelo anayamba kumva kuyabwa cha m'akakolo. Anamuvalabe sabata yonse, kenako n'kuvala winayo. Khungu linatupa n'kufalikira thupi lonse moti anagona pabedi masabata 17. Chifukwa chake chinapezeka kuti chinali mankhwala a salufaiti amene fakitale inkagwiritsa ntchito pokonza ubweyawo, amene anayenera kutsukidwa n'kuchoka chovala chisanatuluke, koma anatsalira.

Kwa sitolo, Grant anali ndi poyambira chifukwa anagula yekha. Kwa fakitale analibe mgwirizano uliwonse, choncho anatsamira pa chigamulo cha Donoghue. Khothi la ku South Australia linamupatsa chipukuta misozi cha mapaundi 2,450. Khothi lalikulu la Australia linachifafaniza. Grant anachita apilo ku Privy Council ku London, khothi limene panthawiyo linkamva maapilo ochokera ku Australia, kumene Lord Wright anapereka chigamulo mu Okutobala 1935.

Tengani pepala, lembani mizati ija kumanzere, ndipo pa uliwonse funsani ngati ukupezeka mumlandu wa Grant. Kodi pali wopanga amene anatulutsa katundu woti akafike kwa anthu wamba? Alipo. Kodi katunduyo anafika ali momwe anachokera? Pa nkhani ya mankhwalawo, inde, chifukwa palibe amene anathira salufaiti musitolo. Kodi vutolo linali lobisika? Linali, popeza salufaiti saoneka ndi maso ndipo wogulitsa sakanamuzindikira ngakhale atatembenuza chovalacho kangati. Kodi munthu anavulala m'thupi? Anavulala. Onani kuti simukufananiza botolo ndi kabudula. Mukufananiza ntchito imene botolo linagwira mumlandu woyamba ndi ntchito imene chinthu china chikugwira mumlandu wachiwiri.

Chachinayi: funafunani kusiyana, ndipo kuyeseni kumodzikumodzi

Gawo ili musalichite mwaulesi. Khalani ngati loya wa mbali inayo ndipo nenani kusiyana kulikonse mwamphamvu momwe iye akanakunenera. Kenako pa kusiyana kulikonse funsani funso limodzi lokha: kodi kumeneku kukukhudza chifukwa chimene chigamulo choyamba chinaperekedwera?

Kusiyana koyamba n'koonekeratu. Chakumwa chimalowa m'mimba, chovala chimakhala kunja kwa thupi. Munthu akangomva amaona ngati ndi kusiyana kwakukulu. Koma bwererani ku chifukwa chija. Stevenson sanapatsidwe udindo chifukwa chakuti katundu wake amamezedwa, koma chifukwa chakuti kusasamala kwake kukanavulaza munthu amene analibe njira yodzitetezera. Poizoni wolowera pakhungu ndi wolowera pakamwa onse amavulaza munthu wosadziwa kanthu. Lord Wright anati palibe nzeru yosiyanitsira ziwirizi, ndipo kusiyanaku kunagwa.

Kusiyana kwachiwiri kunali kolimba. Botolo la Stevenson linali lotsekedwa mpaka patebulo la wakumwa, pamene makabudula ankachoka kufakitale atakulungidwa m'mapepala, asanu ndi mmodzi paketi imodzi, ndipo wasitolo ankamasula n'kumagulitsa mmodzimmodzi. Fakitale ikanatha kunena kuti katunduyo anali atachoka m'manja mwake ndipo aliyense akanamugwira. Apa muyenera kufunsa kuti chitsekerero cha botolo chinkagwira ntchito yanji mumlandu woyamba. Chinkatsimikiza zinthu ziwiri: kuti choipacho chinachokera kufakitale, ndiponso kuti palibe amene akanachiona panjira. Mumlandu wa Grant zonse ziwirizi zinatsimikizika popanda chitsekerero. Mankhwalawo anali a m'ntchito ya fakitale yomweyo, ndipo kumasula pepala sikukanawaonetsa. Khothi linati chofunika n'chakuti katundu afike kwa womugwiritsa ntchito ali ndi vuto lomwe anachoka nalo, osasintha pa zinthu zimene zili ndi ntchito. Motero mfundo ya Donoghue inasiya kukhala ya zinthu zomatidwa zokha.

Kusiyana kwachitatu kunali kwakuti Grant akanachapa kaye zovalazo. Koma fakitale sinauze ogula kuti azichapa asanavale, ndipo zovalazo zinagulitsidwa zoti munthu avale momwe zilili. Wopanga sangadalire chitetezo chimene sanachipemphe ndiponso chimene analibe chifukwa choyembekezera. Pakanakhala chenjezo lomveka lakuti chapani kaye, mkangano ukanakhala wina.

Fakitale inanenanso kuti inali itapanga zovala zotere zopitirira mamiliyoni anayi popanda dandaulo. Imeneyi si mfundo yosiyanitsa milandu, ndipo ndi bwino kuizindikira kuti musasokonezeke. Funso lakuti udindo wosamala ulipo ndi lina, funso lakuti udindowo unaphwanyidwa ndi linanso. Kufanizira kunayankha loyambalo. Lachiwirilo linayankhidwa ndi umboni: ngati njira ya fakitale inali yabwino chotero koma mankhwala anatsalirabe, ndiye kuti wina m'fakitalemo analakwitsa, ndipo Grant sanafunikire kuloza chala munthu wake. Chipukuta misozi chija chinabwezeretsedwa.

Chachisanu: pezani pamene mfundoyo ikulekezera

Kufanizira kumene sikungakane mlandu uliwonse n'kopanda ntchito, choncho funani mlandu umene unaoneka wofanana koma unakanidwa. Mu 1936, mumlandu wa Evans v Triplex Safety Glass ku England, galasi lakutsogolo la galimoto linasweka lokha galimoto ikuyenda, n'kuvulaza anthu amene anali m'katimo. Mwini wake anasumira opanga galasilo. Pamwamba zonse zinkafanana ndi Donoghue ndi Grant: wopanga, katundu, kuvulala, popanda mgwirizano. Koma panali patapita pafupifupi chaka chigulireni galimotoyo, galasilo linaikidwa ndi anthu ena amene akanatha kulipanikiza pomanga, ndipo panali mpata woliunika panjira. Mzati uja wakuti vuto linachoka ndi katundu kufakitale sunaime, ndipo mlanduwo unalephera.

Malire ena ndi a mtundu wa kuwonongeka. Mayi Donoghue ndi Grant anavulala m'thupi. Ngati katundu wangokhala wachabechabe osavulaza munthu kapena kuwononga chinthu china, makhothi a ku England amakana kukoka mfundoyi kuti ifike pamenepo, ndipo amakutumizani kwa amene anakugulitsani.

Chachisanu ndi chimodzi: onani ngati chigamulocho chikumanga khothi lanu

Kufanana kungakhale kokwanira koma chigamulo n'kukhala chopanda mphamvu pamene mwaima. Ku Malawi, chigamulo cha Supreme Court of Appeal chimamanga High Court, ndipo cha High Court chimamanga makhothi a majisitireti. Zigamulo zakunja zonga Donoghue ndi Grant zimagwira ntchito yokopa, ngakhale kuti mfundo ya Donoghue makhothi athu anailandira kale pamilandu ya kusasamala, moti ndi bwino kutchula chigamulo chakwathu chimene chinaitsatira. Musanayambe n'komwe kufanizira, onani ngati pali lamulo la Nyumba ya Malamulo lokhudza nkhaniyo, monga la kugula ndi kugulitsa katundu kapena loteteza ogula, chifukwa lamulo lolembedwa limaposa chigamulo chakale, ndipo malamulo oyendetsera dziko amaposa zonse. Pamilandu yaupandu samalani koposa. Munthu sapezeka wolakwa chifukwa chakuti zimene anachita zikufanana ndi mlandu wina wolembedwa. Chimene anachitacho chiyenera kukhala kuti chinali choletsedwa ndi lamulo pa nthawi imene ankachichita.

Yesani nokha ndi nkhani yapafupi

Tiyerekeze kuti azakhali agulira mwana wa mchimwene wawo botolo la mafuta odzola pagolosale, lomata bwinobwino kuchokera kufakitale. Mwanayo wadzola masiku atatu, khungu lasupuka, ndipo akatswiri atayeza apeza kuti m'mafutamo munali mankhwala owotcha opitirira muyezo. Mwanayo sanagule, monga mayi Donoghue. Mafutawo ndi akunja kwa thupi, monga kabudula wa Grant. Botolo linali lomata, vuto linali lobisika, munthu wavulala. Mizati yonse yaima, ndipo loya wa fakitale angatsale ndi mfundo ya umboni yokha, mwina yakuti khungu la mwanayo ndi losachedwa kukwiya ndi mafuta alionse. Mfundo imeneyi inayesedwanso kwa Grant ndipo khothi silinaivomere, chifukwa linapeza kuti khungu lake linali labwinobwino asanavale zovalazo.

Tsopano sinthani chinthu chimodzi. Azakhaliwo sanagule botolo lomata, koma agula pamsika kwa munthu amene amagula chigubu chachikulu n'kumayezera m'timabotolo takale. Mafuta ndi omwewo, mwana ndi yemweyo, zilonda ndi zomwezo, moti wongoyang'ana pamwamba anganene kuti ndi mlandu umodzi. Koma chigubucho chinatsegulidwa, mafuta anadutsa m'ziwiya za munthu wina, ndipo timabotoloto tikhoza kukhala kuti kale munali mankhwala ophera tizilombo. Apa mlandu wasendera kwa Evans. Kuti muubweze kwa Grant, muyenera kupeza umboni wogwira ntchito imene chitsekerero chikanagwira: zigubu zina zosatsegula za gulu lomwelo zitayezedwa n'kupezeka ndi vuto lomwelo, kapena umboni wakuti mankhwala opezekawo ndi amene fakitale imagwiritsa ntchito ndipo wogulitsa pamsika sakanakhala nawo. Umboni wotere ukasowa, amene mungalimbane naye ndi woyezera uja, osati fakitale.

Polemba mfundo zanu zoti mukapereke kukhothi, tsatani dongosolo lomweli. Nenani chigamulo chakale ndi khothi limene linachipereka. Nenani mfundo yake m'chiganizo chimodzi, pamodzi ndi chifukwa chake. Onetsani mzati uliwonse m'nkhani yanu potchula umboni wake. Kenako tchulani nokha kusiyana kwakukulu musanauzidwe ndi mbali inayo, n'kufotokoza chifukwa chake sikukugwedeza mzati uliwonse. Pamlandu wa mafuta oyezera, chiganizo chimenecho chingakhale chakuti chigubu chinatsegulidwadi pamsika, koma zigubu zosatsegula za gulu lomwelo zinapezeka ndi mankhwala omwewo pamlingo womwewo, choncho mafutawo anafika pakhungu la mwanayo ali ndi vuto limene anachoka nalo kufakitale.